Mmene mungalowere mumsewu waukulu mwaulemu: nkhani ya dalaivala watsopano pa mphambano

Ulemu wa pamsewu umaonekera kwambiri pa mphambano, chifukwa pamenepo ndi pamene njira za anthu osadziwana zimadutsana, ndipo aliyense amayenera kulingalira zimene mnzake achite asanazichite. Lamulo lalikulu limene malangizo ano akutsatira ndi lakuti musalowe mumsewu wa wina ngati kulowa kwanuko kuti kumukakamize kuponda buleki kapena kukhota mwadzidzidzi. Malangizowa akunena za mphambano yopanda maloboti, pamene msewu waung'ono umathera mumsewu waukulu, m'mayiko amene magalimoto amayenda kumanzere, ndipo akutsatira nkhani yopeka ya mnyamata wina amene anali atangolandira kumene laisensi.

Zimene zinachitika

Mnyamatayo anafika pa mphambano ndi galimoto yaing'ono ya magiya osintha ndi dzanja, ndipo ankafuna kukhotera kumanja. Anachepetsa liwiro koma sanaime kwenikweni, ndipo giya anaisiya pa yachiwiri. Kumanja kwake kunkabwera lole imene inali itayatsa indiketa ya kumanzere, kusonyeza kuti ikufuna kulowa mumsewu umene iye ankatulukamo. Kumanzere kunali mbee. Galimoto imene inali kumbuyo kwake inaliza hutala kawiri, ndipo iye, poganiza kuti lole ikukhota ndipo palibe chomudikiritsa, anasiya kalachi n'kulowa mumsewu.

Chimene sanachione ndi njinga yamoto imene inkatsatira lole ija. Pamene loleyo inachepetsa liwiro kuti ikhote, wanjingayo anapatukira kumanja kuti aidutse, ndipo anatulukira pamene galimoto ya mnyamatayo inali itapingasa kale msewu. Mnyamatayo anadzidzimuka, anaponda buleki osaponda kalachi, ndipo galimoto inazima pakati penipeni pa njira. Tayala la kumbuyo la njingayo linakhukhuluzika pa phula, ndipo inaima pafupi ndi chitseko cha dalaivala moti mnyamatayo ankaona bwinobwino zala za wanjingayo zitakanirira pa chogwirira buleki.

Atakankhira magalimoto pambali, mnyamatayo anayamba kudziteteza kuti lole inali itayatsa indiketa. Dalaivala wa loleyo, bambo wachikulire, anatsika n'kumuuza modekha kuti, “Mwana wanga, indiketa yanga imanena za ine ndekha. Za amene ali kumbuyo kwanga siinena.” Mnyamatayo anakhala chete, kenako anatembenukira kwa wanjingayo n'kunena kuti, “Pepani achimwene, ndalakwa ndine. Kodi simunavulale?” Kulakwa kwake kunali kungapo, ndipo kuli bwino kukutsatira mwadongosolo kuyambira pamene mphambano imaonekera patali.

Choyamba: konzekani musanafike pa mzere woimapo

Mukaona chikwangwani chochenjeza za mphambano, yang'anani kaye pa galasi loonera kumbuyo, kenako yatsani indiketa, ndipo mukatero m'pamene muyambe kuponda buleki. Dongosolo limeneli lili ndi chifukwa chake, pakuti amene akukutsatirani ayenera kudziwa cholinga chanu musanachepetse liwiro, osati kudabwa ndi nyali zanu zofiira. Ngati mukukhotera kumanja, sendezerani galimoto pafupi ndi mzere wa pakati pa msewu wanu koma osauwoloka, kuti amene akukhotera kumanzere apeze malo ngati msewuwo ndi wotakata, komanso kuti olowa kuchokera mumsewu waukulu asakupezeni m'njira yawo.

Zikwangwani za pa mphambano yotere zimakhala za mitundu iwiri. Chofiira cha mbali 8 chimalamula kuti muime kotheratu, matayala asiye kuzungulira, ngakhale msewu utaoneka wopanda kanthu. Cha makona atatu choloza pansi chimalamula kuti mupereke mpata kwa a mumsewu waukulu, ndipo chimakulolani kupitirira osaima ngati mukuona bwino mbali zonse ziwiri. Kwa dalaivala watsopano amene akukhotera kumanja, ndi bwino kuima pa zikwangwani zonse ziwiri, chifukwa kuyang'ana mbali ziwiri galimoto ikuyenda, phazi lili pa kalachi, ndi ntchito imene imafuna kuzolowera. Mukaima, ikani giya yoyamba nthawi yomweyo. Mnyamata uja anaisiya pa yachiwiri, ndipo zimenezi zinachititsa kuti galimoto ichoke mwaulesi ndi kuzima mosavuta.

Chachiwiri: yang'anani mpaka muone

Msewu umene mumayamba kuwoloka ndi wa magalimoto ochokera kumanja kwanu, choncho yang'anani kumanja, kenako kumanzere, kenako kumanjanso musanasunthe. Kuyang'ana kumeneku kusakhale kotembenuza mutu mwachangu ngati mwambo chabe. Maso a munthu akamathamanga kuchoka mbali ina kupita mbali ina sagwira zinthu zazing'ono, ndipo n'chifukwa chake anthu ambiri amene agunda njinga pa mphambano amanena zoona akamati anayang'ana koma sanaione. Imitsani maso pang'ono mbali iliyonse, muone pafupi kenako patali, ndipo m'maganizo mwanu muzifunafuna njinga yamoto, njinga yakapalasa ndi munthu woyenda pansi, osati galimoto yokha.

Galimoto yanu yomwe ili ndi chobisa zinthu. Chitsulo chimene chili pakati pa galasi la kutsogolo ndi zenera la pachitseko chimatha kuphimba njinga yonse imene ili patali, ndipo njira yothetsera vutoli ndi kusuntha mutu ndi mapewa kutsogolo ndi kumbuyo kuti muone kuseri kwake. Ngati mpanda, udzu wautali kapena galimoto yoimikidwa zikukutchingani, imani kaye pa mzere monga lamulo likufunira, kenako sendererani kutsogolo pang'onopang'ono, phazi lili lokonzeka kuponda buleki, mpaka msewu uonekere. Kutsitsa zenera ndi kuchepetsa wailesi kumathandizanso, pakuti njinga yamoto imamveka nthawi zina isanaoneke.

Chachitatu: yezani mpata ndi masekondi, osati ndi maso okha

Apa m'pamene madalaivala atsopano amanyengeka kwambiri, chifukwa galimoto yobwera molunjika kwa inu sioneka kuti ikuthamanga kufikira itayandikira. Imangooneka ngati ikukula pang'onopang'ono. Njinga yamoto imanyenga koposa, popeza ndi yaing'ono ndipo maso amaiona ngati ili kutali kuposa pamene ili.

Masamu ake ndi osavuta. Galimoto yoyenda makilomita 60 pa ola imadutsa mamita pafupifupi 17 pa sekondi iliyonse, ndipo yoyenda makilomita 80 pa ola imadutsa mamita pafupifupi 22. Tinene kuti inuyo mumafunika masekondi 6 kuti munyamuke pamene mwaima, muwoloke mbali yoyamba ya msewu ndi kuwongola galimoto mumbali yanu. M'masekondi amenewo, galimoto yoyamba ija imakhala itayenda mamita 100, ndipo yachiwiri imakhala itapyola mamita 130. Mpata umene umaoneka wokwanira kwa munthu amene akulizidwa hutala kawirikawiri sufika pa mtunda umenewu. Ndipo kumbukirani kuti magalimoto ochokera kumanzere amafuna mpata wokulirapo, chifukwa simungowadutsa kutsogolo koma mulowa m'njira yawo, ndipo muyenera kukweza liwiro mpaka lifanane ndi lawo iwo asanakupezeni.

Pali njira yabwino yophunzirira kuyeza kumeneku mukadali pa mzere. Sankhani chinthu chokhazikika kumanja kwanu, monga mtengo wa magetsi kapena chikwangwani, ndipo galimoto ikachidutsa yambani kuwerenga masekondi mpaka itafika pamene muli. Mukapeza kuti kuchokera pa mtengowo magalimoto akutenga masekondi 4 okha, ndiye kuti galimoto iliyonse imene yafika pa mtengowo yakutsekerani kale njira, ndipo muyenera kusankha chizindikiro china chakutali. Mukayesa motere pa mphambano zingapo, maso amayamba kuzolowera, ndipo kuwerenga kumasiya kufunika.

Tibwerere kwa wanjinga uja kuti tione mmene zinthu zinaliri zothina. Tinene kuti ankayenda makilomita 50 pa ola, amene ndi mamita pafupifupi 14 pa sekondi, ndipo anaona galimoto ya mnyamatayo ali pa mtunda wa mamita 30. Munthu watcheru amatenga pafupifupi sekondi imodzi kuti azindikire ngozi ndi kugwira buleki, ndipo m'sekondi imeneyo mamita 14 amakhala atapita. Kuti aime pa phula louma ndi matayala abwino amafunika mamita ena pafupifupi 14. Zonse pamodzi ndi mamita 28, kutanthauza kuti anatsala ndi mamita awiri okha. Akanakhala pa makilomita 60 pa ola, akanafunika mamita oposa 35, ndipo akanawomba chitseko chimene mnyamatayo anakhala kuseri kwake. Mtunda woimira sukula mofanana ndi liwiro, pakuti liwiro likawirikiza kawiri, mtunda umene buleki imafuna umawirikiza kanayi. Pa phula lonyowa kapena pa mchenga umatalikiranso.

Chachinayi: musalowe pamene simukupaona

Kulakwa kwakukulu kwa mnyamatayo sikunali kuyeza molakwika liwiro la lole, koma kuganiza kuti kuseri kwa lole kulibe kanthu. Galimoto yaikulu ikamachepetsa liwiro kuti ikhote, amene ali kumbuyo kwake amafuna kuidutsa, ndipo nthawi imeneyo iwo sakuonani inu monga mmene inu simukuwaonera. Choncho dikirani mpaka galimoto yaikuluyo itakhota ndipo msewu wa kumbuyo kwake waonekera wonse, kenako yang'ananinso kumanzere, chifukwa pa nthawi imene mumadikirayo zinthu zimakhala zitasintha mbali imeneyo.

Indiketa ya munthu wina isakhale chifukwa chokwanira chonyamukira. Madalaivala ena amaiwala kuizimitsa atakhota kale kwina, ndipo ena amakhala akufuna kukaima kutsogolo kwa mphambano, osati kulowa mumsewu wanu. Chimene chimatsimikiza ndi liwiro ndi matayala: ngati galimotoyo yachepetsadi liwiro ndipo matayala ake a kutsogolo ayamba kukhota, mukhoza kuikhulupirira. Lole ndi basi zimafunanso malo aakulu pokhota, moti matayala ake a kumbuyo amadutsa mkati mwa khona pamene mutu wake umatayikira kumbali kwanu. Mukaona lole ikufuna kulowa mumsewu umene muli inu musanafike pa mzere, ndi ulemu weniweni kuimira kumbuyo pang'ono kuti dalaivala wake asavutike kubwerera m'mbuyo pakati pa magalimoto.

Nanga hutala ya kumbuyo? Amene akuiliza sakuona zimene inu mukuona, ndipo ngozi ikachitika iye adzangokulambalalani n'kupitiriza ulendo wake. Musamuyankhe ndi manja kapena kumuyang'anitsitsa pa galasi, chifukwa nthawi imene maso anu ali pa iye ndi nthawi imene sali pamsewu. Kunena chilungamo, kuchedwa kopanda chifukwa nakonso ndi kusowa ulemu, ndipo munthu amene amasiya mipata yoonekeratu amachititsa ena kuyamba kumudutsa m'malo oopsa. Mankhwala ake ndi kukhala wokonzeka, giya yoyamba ili m'malo ndi kalachi ili pafupi pogwirira, kuti mpata wabwino ukabwera musautaye pofunafuna giya.

Chachisanu: mukanyamuka, malizani

Mukatsimikiza kuti njira ili bwino, nyamukani mosazengereza koma mosalumpha, ndipo musasinthe giya mpaka mutawoloka mbali yoyamba ya msewu, popeza kusintha giya kumachotsa mphamvu pa matayala pa nthawi imene mukuifuna kwambiri. Ngati mphambanoyo ili pa chitunda, gwiritsani ntchito handibuleki kuti galimoto isabwerere m'mbuyo. Pitani kutsogolo kaye musanakhote, kuti musadule khona ndi kuyenda m'mbali ya ena, ndipo mukalowa m'mbali yanu kwezani liwiro, yang'anani pa galasi ndi kuonetsetsa kuti indiketa yazima.

Galimoto ikazima pakati pa njira, chinthu choyamba ndi kuponda buleki ndi kalachi, kenako kuliza injini, kuika giya yoyamba, kuyang'ananso mbali zonse ndi kuchokapo. Ikakana kulira, yatsani mahazadi. Anthu ambiri pa nthawi imeneyi amataya masekondi pokweza manja kupepesa kapena poyesa kunyamuka ndi giya yolakwika ija, ndipo galimoto imazimanso kachiwiri.

Mukadzidzimutsa munthu koma osamugunda, kukweza dzanja lotambasula kumamuuza kuti mwazindikira kulakwa kwanu, ndipo nthawi zambiri mkwiyo umathera pomwepo. Ngati wagwa kapena pali kukhudzana kulikonse, imani pamalo otetezeka kunja kwa mphambano, funsani kaye za thupi lake musanayang'ane galimoto yanu, ndipo tsatirani malamulo a dziko lanu okhudza kudziwitsa apolisi. Mnyamata uja anayamba ndi kudziteteza, zimene zikanakulitsa mkangano, ndipo chimene chinaziziritsa wanjingayo ndi funso lakuti kodi wavulala.

Chachisanu ndi chimodzi: perekani mpata mosaika ena pa ngozi

Nkhani ya mnyamatayo ili ndi gawo lachiwiri, lomwe limaonetsa vuto limene limagwera anthu amene apulumuka ngozi. Mantha anamusandutsa wopatsa mopitirira muyezo. Tsiku lina ali mumsewu waukulu, magalimoto akuyenda bwino, anaona mayi wina akudikira kutuluka mumsewu waung'ono wa kumanzere kwake, ndipo pokumbukira mmene kudikira kumawawira, anaponda buleki n'kumuthwanimitsira nyali. Galimoto ya kumbuyo kwake inachita kulira matayala kuti isamuwombe. Mayiyo sanasunthe, koma anangopukusa mutu n'kuloza ndi dzanja njinga yakapalasa imene inkabwera m'mphepete mwa msewu kumanzere kwa mnyamatayo, imene iye sanaione n'komwe.

Mayiyo anachita bwino, ndipo mnyamatayo analakwitsa ngakhale kuti cholinga chake chinali chabwino. Munthu amene ali mumsewu waukulu akaima popanda chifukwa chimene ena angachione, amasokoneza onse amene akudalira kuti apitirira. Komanso amene mwamuitana amamva kuti ayenera kufulumira kuti asakuchedwetseni, ndipo kufulumirako kumamulepheretsa kuyang'ana mbali ina. Nthawi yoyenera kupereka mpata ndi pamene magalimoto a mumsewu wanu aima kale kapena akuyenda mwapang'onopang'ono. Zikatero, yang'anani pa galasi la mkati ndi la m'mbali zonse ziwiri, chepetsani liwiro msanga komanso mofatsa, ndipo siyani malo otseguka kutsogolo kwa msewu waung'onowo. Malo otsegukawo ndi okwanira kumuuza winayo kuti akhoza kulowa, ndipo chisankho chimatsala m'manja mwake. Kumukodola ndi dzanja kuli ndi vuto lakuti amakumva ngati mukunena kuti msewu wonse uli bwino, pamene inu mukudziwa za galimoto yanu yokha.

Inuyo mukakhala amene mwapatsidwa mpata, kaya ndi nyali kapena ndi dzanja, onetsetsani kaye kuti chizindikirocho chikupita kwa inu, chifukwa dalaivala akhoza kuthwanimitsa nyali pochenjeza kuti akubwera kapena popereka moni kwa wina. Kenako sendererani pang'onopang'ono mpaka muone kuseri kwa galimoto imene yakuimirani, pamene njinga zimakonda kudutsira, ndipo muyang'anenso mbali inayo ngati kuti palibe amene wakupatsani mpata. Ngati mbali inayo siili bwino, khalani pomwepo ndipo mumusonyeze ndi dzanja kuti apitirire. Kuthokoza kubwere mutawoloka kale ndipo chiwongolero chawongoka.

Mumsewu wodzaza, musalowe pa mphambano ngati kutsogolo kwake kulibe malo okwana galimoto yanu yonse, ngakhale mpata utakhala wanu, chifukwa mukaima pakati mumatsekera anthu amene akanatha kudutsa. Pokhotera kumanja kuchoka mumsewu waukulu, dikirani matayala a kutsogolo ali olunjika, kuti wina akakugundani kumbuyo galimoto ipite kutsogolo osati m'njira ya amene akubwera. Ndipo musanalowe mumsewu waung'onowo, yang'anani ngati pali anthu oyenda pansi amene ayamba kale kuwoloka pakamwa pake, makamaka ana ndi okalamba, chifukwa mukawaona mochedwa mudzakakamizika kuima galimoto yanu itapingasa mbali ya magalimoto obwera kutsogolo.